Tsiku lakwana asayimenti isanathe: imelo yopempha mphunzitsi masiku ena

Wophunzira wochokera kwa Mponda ali ndi masukulu angapo pafupi. Pa boma la Mangochi pali nthambi ya yunivesite ya DMI St John the Baptist, ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, ku Malindi kuli sukulu ya anamwino ya St Martin's, ndipo ophunzira udokotala a ku KUHeS amabwera kudzachita maphunziro a zaumoyo wa m'midzi. Ena ali ku Zomba, ku Domasi kapena ku Blantyre, ndipo ena amaphunzirira kunyumba, n'kumatumiza ntchito pafoni. Onsewa tsiku lina amapezeka kuti tsiku lopereka asayimenti layandikira pamene ntchito ili pakati, chifukwa cha maliro, matenda kapena kusalinganiza bwino nthawi. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza imelo imene amalemba pa nthawi ngati imeneyo.

Kodi imelo yotereyi ilembedwe liti?

Ilembedwe tsiku limene wophunzira wazindikira kuti samaliza, tsiku lopereka lisanafike. Amene walemba kudakali masiku atatu akupempha chilolezo, ndipo mphunzitsi ali ndi mpata wosintha zinthu. Amene walemba Lolemba, asayimenti itayenera kuperekedwa Lachisanu lathali, akupempha kuti amukhululukire chilango, ndipo m'masukulu ambiri chilango cha kuchedwa chinalembedwa kale pa pepala lofotokoza phunzirolo limene amagawa kumayambiriro kwa semesita. Kwina amadula malikisi pa tsiku lililonse lochedwa, kwina salandira n'komwe. Pepala limenelo ndilo loyamba kuliwerenga, chifukwa nthawi zina limanenanso woyenera kumulembera ndi umboni wofunika.

Ophunzira ambiri amachedwa kulemba chifukwa cha manyazi ndi chiyembekezo chakuti mwina akachezera usiku wonse amaliza. Amadzalemba 11 koloko usiku wa tsiku lomaliza, mphunzitsi atagona kale, ndipo yankho limabwera nthawi itadutsa.

Bwanji osangoimba foni, kulemba pa WhatsApp kapena kutuma mtsogoleri wa kalasi?

Chifukwa chilolezo chapakamwa chimaiwalika. Mphunzitsi wa makalasi atatu kapena anayi, ena a anthu oposa 100, akhoza kuvomera mokoma mtima atakumana ndi wophunzira pakhonde, koma patatha milungu itatu, pamene akulowetsa malikisi, aona pepala lobwera mochedwa ndipo sakumbukira nkhope yake. Imelo imasunga tsiku, ola ndi mawu enieni amene awiriwo anagwirizana. Ngati nkhani yakambidwa pakamwa kapena pafoni, wophunzira atumizebe mizere iwiri tsiku lomwelo yothokoza ndi kubwereza tsiku latsopanolo.

Mtsogoleri wa kalasi ndi woyenera pamene vuto lagwera anthu ambiri nthawi imodzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, misewu inaduka ndipo maphunziro anaima m'maboma ambiri a kummwera. Nthawi ngati imeneyo mphunzitsi amafuna uthenga umodzi woimira kalasi yonse, osati maimelo 60 onena chinthu chimodzi. Koma maliro a pabanja kapena matenda ndi nkhani ya mwini wake, ndipo ayenera kuinena yekha.

M'kati mwake mukhale chiyani?

Mukhale zokwanira kuti mphunzitsi, akuwerenga pafoni ali pakati pa ntchito zina, athe kuyankha ndi mawu amodzi osafunsanso kanthu. Choncho afunika adziwe amene walemba ndi nambala yake ya pasukulu, phunziro ndi asayimenti yake, chimene chachitika, pamene ntchito yafika, ndi tsiku limene idzafike.

Nachi chitsanzo. Mtsikana wa ku Mpondasi akuphunzira ku Zomba, chaka chachiwiri. Ali ndi asayimenti ya mawu 2,500 yoyenera kuperekedwa Lachisanu pa 13 Juni nthawi ya 5 koloko madzulo. Lachiwiri usiku amuimbira foni kuti amalume ake amwalira. Banja lake ndi la Chisilamu, ndipo maliro a Chisilamu sagona masiku. Mwambo woika m'manda uli mawa lake masana. Ayenera kukwera minibasi m'mamawa, kudzera pa Liwonde, ndipo sangabwerere sadaka ya tsiku lachitatu isanachitike. Asanagone usiku umenewo akulemba imelo. M'mayunivesite a m'Malawi imelo zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma zimene akunena ndi izi:

Pa mzere wa Subject: Pempho la masiku ena, Asayimenti 2, kenako nambala ya phunziro ndi nambala yake ya pasukulu.

"Wolemekezeka a Dokotala, ndine wophunzira wanu wa chaka chachiwiri m'phunziro limene ndalemba pamwambapa. Ndikupempha kuti mundilole kupereka Asayimenti 2 Lachitatu pa 18 Juni nthawi ya 12 koloko masana, m'malo mwa Lachisanu pa 13 Juni. Amalume anga amwalira usiku uno ku Mangochi. Ndinyamuka mawa m'mawa ndipo ndidzabwerera Loweruka. Ndalemba kale mawu pafupifupi 1,500 mwa 2,500, ndipo ndaphatikiza zimene ndalembazo pa imelo ino. Zatsala ndi gawo lomaliza ndi mndandanda wa mabuku. Ngati pakufunika kalata ya umboni, ndidzabwera nayo. Ngati Lachitatu n'kutali, chonde ndiuzeni tsiku limene mungalole. Zikomo kwambiri."

Pansi pake dzina lonse, nambala ya pasukulu ndi nambala ya foni. Imelo yonse siposa mawu 120.

Pempho lili mu chiganizo chachiwiri, chifukwa chake chikubwera pambuyo. Apa mpamene ambiri amavutika, popeza mwambo wa kwathu sulola kufikira pa nkhani ukamalankhula ndi wamkulu. Munthu akapita kwa agulupu amayamba wapereka moni, afunsa za kunyumba, kenako nkhani imatuluka pang'onopang'ono. Ulemu umenewo ndi wabwino pabwalo, koma mu imelo ndime ziwiri za moni ndi kupepesa zimakwirira pempho, ndipo mphunzitsi amaisiya kuti adzaiwerenge akapeza nthawi. Ulemu wa mu imelo uli pa kutchula udindo wa munthu molondola, kulemba dzina lake mosalakwitsa, ndi kusamutayitsa nthawi. Amene ali Dokotala kapena Pulofesa atchulidwe choncho, ndipo mayi wa udindo wotere asatchedwe "madamu" pamene anzake aamuna akutchedwa ndi maudindo awo.

Tsiku latsopanolo limapezeka bwanji?

Limawerengedwa, silingotchulidwa. Mtsikana wa ku Mpondasi uja wataya Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu kumaliro, ndipo Loweruka lithera panjira. Kumudzi sangalembe, pamaliro mtsikana amakhala kumoto ndi kumjigo, ndipo laputopu pasiwa ingakhale chipongwe. Ntchito yotsala ndi mawu 1,000, kukonza mndandanda wa mabuku ndi kuwerenganso zonse. Iye amadziwa liwiro lake: mawu ngati 150 pa ola akamalemba akuyang'ana m'mabuku, ndiye kuti maola 7, kuwonjezapo atatu a mndandanda ndi kukonza. Onse pamodzi maola 10.

Lamulungu angapeze maola asanu. Lolemba ali ndi makalasi, komanso ayenera kukopera zimene anzake aphunzira iye kulibe, choncho apeza atatu. Lachiwiri amaliza awiri otsalawo. Akanatha kunena kuti Lachiwiri madzulo, koma wanena Lachitatu masana, kusiya theka la tsiku loti ngati minibasi yafa pa Ulongwe kapena magetsi athima, lonjezo lake lisagwe.

Pali zolakwika ziwiri zotsutsana pano. Wamanyazi amapempha tsiku limodzi lokha kuti asaoneke wolemetsa, kenako amalephera ndipo amabweranso kudzapempha kachiwiri, pamene chifundo cha mphunzitsi chatha. Wina amapempha milungu iwiri pa vuto la masiku atatu, ndipo mphunzitsi amaona kuti ntchitoyo inali isanayambidwe. Muyeso wabwino ndi wakuti masiku opemphedwa ayandikane ndi masiku amene vutolo ladya.

Mawu akuti "posachedwa", "ndikangobwerako" kapena "sabata yamawa" asapezeke mu imelo. Ali ngati munthu wokongola ufa pagolosale amene akuti adzabweza zinthu zikayenda bwino. Mwini golosale amakhulupirira amene wanena kuti Lachitatu. Tsiku la sabata, deti ndi ola zilembedwe zonse, chifukwa "Lachitatu" lokha likhoza kumveka pawiri.

Chifukwa chenicheni chikakhala chochititsa manyazi, kodi si bwino kunena china chomveka?

Funso ili ndilo limavuta kwambiri, ndipo ophunzira amadziwa okha kuti maliro ndiwo chifukwa chimene palibe amachikana. Nchifukwa chake agogo ena amamwalira kawiri m'semesita imodzi. Ndi chinthu chomvetsa chisoni, chifukwa wolipira mtengo wake ndi wophunzira wina amene waferedwa zenizeni, yemwe amafunsidwa kalata ndi maso okayikira pamene misozi isanaume.

Bodza lilinso ndi mavuto ake ooneka. Limafuna umboni umene palibe, ndipo kupeka kalata ya kuchipatala kapena ya kwa amfumu ndi mlandu waukulu kwambiri kuposa kuchedwa. Umafika ku komiti yosunga mwambo, pamene kuchedwa kumathera pa malikisi okha. Komanso sukulu za kuno ndi zazing'ono. Pa Mangochi mphunzitsi ndi wophunzira amagula chambo pamsika umodzi, amapemphera mzikiti kapena tchalitchi chimodzi, ndipo wina m'kalasi amachokera mudzi woyandikana nawo. Amene wati ali kumaliro ku Namwera koma waoneka akuonera mpira pa boma, nkhani yake imafika kwa mphunzitsi popanda womuneneza.

Nanga ngati chilungamo chake n'chakuti asayimenti zitatu zinagwera sabata imodzi ndipo wophunzira sanayambe msanga? Anene zomwezo mwachidule: kuti ali ndi ntchito zitatu zoperekedwa sabata imodzi, kuti sanagawe bwino nthawi, kuti wafika pakuti, ndipo akupempha masiku awiri. Awonjezere kuti alandira ngati malikisi adulidwa monga mwa lamulo. Mphunzitsi akhoza kukana, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma ambiri amalemekeza wophunzira amene sawapusitsa, ndipo amene wanena zoona pa chinthu chaching'ono amakhulupiriridwa tsiku limene chachikulu chamugwera.

Kunena zoona sikutanthauza kuvula zonse poyera. Mtsikana amene wapita padera, mnyamata amene akuvutika maganizo, kapena wophunzira amene makolo ake akulekana, sakakamizidwa kufotokoza tsatanetsatane. Ndi zokwanira kulemba kuti ali ndi vuto la umoyo kapena la pabanja limene lamulepheretsa kugwira ntchito kuyambira tsiku lakuti, ndipo kuti umboni angaupereke kwa mkulu woona za ophunzira. Zimenezo ndi zoona, ndipo chinsinsi chake chasungika.

Nanga za magetsi, netiweki ndi bandulo?

Ndi zifukwa zenizeni, koma mphamvu yake imadalira kukula kwake. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuthima maola ochuluka. Nthawi imeneyo mawu akuti "magetsi anathima" anali oona kwa aliyense, ndipo pa chifukwa chomwecho sanali kusiyanitsa wophunzira mmodzi ndi anzake amene anapereka pa nthawi yake. Mphunzitsi nayenso ankachonga mapepala ndi tochi.

Chimene chimamveka ndi chinthu chotchulika bwino. Wophunzirira kunyumba amene ali ku Makanjira anganene kuti mtsinje wadula msewu ndipo sangafike pa boma pamene amakatayipira ntchito. Wa m'mbali mwa nyanja anganene kuti madzi alowa m'nyumba ndipo banja likusamuka, monga zinachitikira mabanja ambiri a ku Mangochi nyanja itakwera mu 2024. Amene laputopu yake yafa anene tsiku limene inafa, ngati fayilo anaipulumutsa, ndi kumene alembere tsopano. Ngati ntchito yatha koma ikukanika kutumizika, ajambule masamba ndi foni n'kutumiza zithunzizo nthawi isanakwane, kuti pakhale umboni wakuti inalidi yotha.

Umboni ndi wofunika nthawi zonse?

Pa pempho la masiku awiri kapena atatu, aphunzitsi ambiri safunsa. Komabe kunena kuti umboni ulipo kumachotsa chikayiko. Wodwala malungo amene wapatsidwa LA, mankhwala omwa masiku atatu, ali ndi zonse m'kabuku ka kuchipatala: deti, zotsatira za kuyeza magazi ndi siginecha. Ajambule tsamba la tsiku limenelo lokha. Kabukuko kamakhala ndi mbiri yonse ya matenda a munthu, ndipo masamba enawo si a mphunzitsi. Pa maliro a kumudzi, kalata ya anyakwawa, a shehe kapena abusa ndiyo imapezeka msanga.

Umboni wina umene ophunzira saulabadira ndi ntchito yomwe yalembedwa kale. Masamba anayi osamalizidwa ophatikizidwa pa imelo amaonetsa kuti wophunzira anayamba vuto lisanabwere, ndipo amalankhula mokweza kuposa chidindo chilichonse.

Kodi pali pamene mphunzitsi sangathe kuvomera ngakhale atafuna?

Alipo, ndipo wophunzira akazidziwa sakhumudwa pachabe. Malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita, amene amakhala gawo lalikulu la zotsatira za phunziro, ali ndi tsiku lake lofika ku dipatimenti mayeso asanayambe. Asayimenti ya kumapeto kwa semesita imakhala ndi mpata wochepa kwambiri pa chifukwa chimenechi. Komanso mphunzitsi akabweza mapepala ochonga kapena kukambirana mayankho m'kalasi, sangalandirenso ntchito ya funso lomwelo. Chimene angachite ndi kupereka funso lina. Ntchito ya pagulu ili ndi vuto lake, chifukwa tsiku la mmodzi limakoka anzake onse, choncho gulu liyenera kudziwa imelo isanapite ndipo mayina awo aikidwe pa Cc.

Mayeso ndi nkhani ina. Amene sangathe kulemba mayeso a kumapeto kwa semesita salembera mphunzitsi yekha. Pempho lotero limadutsa ku maofesi a sukulu, kwa mkulu wa dipatimenti, woona za ophunzira kapena mlembi wamkulu, motsatira malamulo a sukuluyo, ndipo limafuna umboni wolembedwa. Chimodzimodzi vuto lotenga milungu ingapo, monga kugonekedwa m'chipatala: silithetsedwa ndi maimelo asanu kwa aphunzitsi asanu, koma ndi kalata imodzi ku ofesi yoyenera.

Imelo yapita koma yankho silikubwera. Wophunzira atani?

Choyamba aone ngati yapitadi. Pamene netiweki ili yofooka, monga m'minibasi pakati pa Liwonde ndi Mangochi, Gmail ya pafoni imaika imelo mu Outbox ndi mawu akuti Queued, ndipo ikhoza kukhala momwemo mpaka mawa, makamaka ngati ili ndi fayilo yolemera. Imelo yotumizika imaoneka mu Sent. Zithunzi za kabuku ka kuchipatala zichepetsedwe, chifukwa Gmail siphatikiza mafayilo oposa 25 MB, ndipo ngakhale 10 MB ndi katundu pa netiweki ya kumudzi. Ngati sukulu inapereka adiresi ya imelo kwa wophunzira, agwiritse ntchito imeneyo. Adiresi ikakhala ndi dzina la masewera, mphunzitsi sadziwa mwini wake.

Likadutsa tsiku limodzi la ntchito, atumize chikumbutso cha mizere iwiri podina Reply pa imelo yomweyo, kuti nkhani yonse ikhale pamodzi. Apa uthenga wa pafoni ukhoza kuthandiza, wongonena kuti pali imelo imene ikudikira. Koma kukhala chete kwa mphunzitsi si kuvomera. Nthawi yoyambayo ikakwana popanda yankho, wophunzira apereke zimene ali nazo, ngakhale zosatha, ndi kulemba kuti yathunthu ibwera pa tsiku limene anapempha. Malikisi a ntchito yosatha amaposa ziro.

Mphunzitsi akavomera, chatsala n'chiyani?

Kuyankha ndi mzere umodzi wothokoza, wobwereza deti ndi ola. Kenako kufunsa njira yoperekera, chifukwa apa ambiri amakodwa. Ngati kalasi imapereka ntchito pa Moodle, khomo likhoza kutsekeka lokha nthawi yomaliza ikadutsa, ndipo mphunzitsi ayenera kulowa n'kudina Grant extension pa dzina la wophunzirayo. Akaiwala, wophunzira adzapeza Lachitatu m'mawa kuti palibe potumizira. Pa Google Classroom ntchito imatha kulowa koma imalembedwa kuti yachedwa. Choncho ndi bwino kuyang'ana kudakali tsiku limodzi, ndipo ngati khomo lili lotseka, kutumiza fayilo pa imelo ija nthawi isanakwane.

Mtsikana wa ku Mpondasi, akamadzapereka Lachitatu, adine Reply pa yankho la a Dokotala lija, aphatikize fayilo yokhala ndi nambala yake ya pasukulu m'dzina lake, ndi kulemba kuti iyi ndi Asayimenti 2 monga anagwirizana. Ngati a Dokotala akufuna pepala losindikiza, mtsikanayo alembe pa tsamba loyamba kuti analoledwa kupereka pa 18 Juni ndi deti la imelo ya chilolezo, chifukwa nthawi zina wochonga amakhala wothandizira mphunzitsi amene sanaione nkhaniyo. Kalata ya a shehe aipereke tsiku lomwelo ngakhale sanaifunse, popeza analemba yekha kuti adzabwera nayo.